Nkhope yakuseri kwa dayisi: mmene mungaidziwire kuchokera pa zithunzi zingapo

Pa mapepala oyesa kuganiza msanga, aja amalembetsa anthu ena ofuna ntchito, pamakonda kupezeka funso ili: dayisi imodzi yajambulidwa kawiri, katatu kapena kanayi, chithunzi chilichonse chikuonetsa nkhope zitatu, ndipo akufunsa kuti kuseri kwa 3 kuli nambala yanji. Ambiri mu Lilongwe muno dayisi tinaidziwira pa ludo, ndiye munthu akangoona funsoli amakumbukira kuti nkhope zofulatirana zikaphatikizidwa zimakwana 7, nkulemba 4 osayang'ana nkomwe zithunzi. Nthawi zambiri yankho lotere limakhala lolakwa, ndipo olemba mafunso amaika dala 4 yemweyo pa mayankho osankhapo.

Lamulo la 7 ndi loona pa dayisi yogula m'sitolo: 1 amafulatirana ndi 6, 2 ndi 5, 3 ndi 4. Koma limeneli ndi khalidwe la opanga madayisi chabe, osati chibadwa cha kiyubu. Pali njira 30 zosiyana zolembera manambala 1 mpaka 6 pa nkhope za kiyubu, ndipo mwa njira zimenezi ndi 2 zokha zimene zimasunga lamulo la 7. Funso likapanda kunena kuti dayisiyo ndi yanthawi zonse, muitenge ngati ina iliyonse mwa 30 zija. Kuyesa kwake nkosavuta. Mukaona 3 ndi 4 pa chithunzi chimodzi, kapena 1 ndi 6, kapena 2 ndi 5, dziwani kuti lamulo la 7 lafa pomwepo, pakuti nkhope zofulatirana sizingaoneke pamodzi.

Njira zonse zoyankhira mafunsowa zimachokera pa mfundo imodzi, ndipo ndi bwino kuimvetsa kusiyana nkuloweza malamulo anayi osadziwa gwero lake. Kiyubu ili ndi nkhope 6, mphepete 12 ndi ngodya 8. Pa ngodya iliyonse pamakumana nkhope zitatu. Chithunzi chilichonse chimene mwapatsidwa, choonetsa pamwamba, kutsogolo ndi kumanja, kwenikweni ndi chithunzi cha ngodya imodzi. Nkhope zitatuzo zonse zikugundana, choncho palibe ziwiri mwa izo zofulatirana. Komanso nkhope iliyonse imagundana ndi zinzake zinayi ndipo imafulatirana ndi imodzi yokha. Mukapatsidwa zithunzi ziwiri, ndiye kuti mwapatsidwa ngodya ziwiri, ndipo funso loyamba kudzifunsa nlakuti: ngodya ziwirizi zatalikirana bwanji? Chiwerengero cha nkhope zimene zikupezeka pa zithunzi zonse ziwiri ndicho chimayankha.

Tigwiritse ntchito dayisi imodzi mpaka kumapeto, kuti chilichonse chitheke kuyesedwa. Chithunzi choyamba nachi: pamwamba pali 3, kutsogolo 1, kumanja 2.

Kuchotsera

Njira yosafuna kutembenuza chilichonse m'mutu ndi yolemba oyandikana nawo. Tinene kuti kuwonjezera pa chithunzi choyambacho mwapatsidwa china chokhala ndi 6 pamwamba, 1 kutsogolo, 3 kumanja, ndi chachitatu chokhala ndi 1 pamwamba, 5 kutsogolo, 2 kumanja. Funso nlakuti kuseri kwa 1 kuli chiyani. Lembani 1 pambali pa pepala, kenako lembani nambala iliyonse imene yaoneka naye pa chithunzi chimodzi. Choyamba chikupatsani 3 ndi 2. Chachiwiri chikuwonjezera 6. Chachitatu chikuwonjezera 5. Oyandikana anayi akwana: 2, 3, 5 ndi 6. Wotsala ndi 4, ndipo ndiye yankho, ngakhale 4 sanaonekepo pa chithunzi chilichonse.

Anthu ambiri amachita mantha ndi yankho losaoneka pa zithunzi, amvekere mwina ndalakwitsa. Palibe cholakwika. Nambala imene yaoneka pa zithunzi zonse ndiyo imakhala ndi mnzake wakuseri wobisika pa zithunzi zonse, chifukwa awiriwo sangaonekere limodzi. Choncho mukapatsidwa zithunzi zambiri, yambani ndi nambala imene yabwerezedwa kwambiri.

Vuto la njirayi nlakuti imathera panjira oyandikana akakhala atatu kapena awiri okha. Pa zithunzi zomwezi, mukafunsidwa za kuseri kwa 6, mupeza kuti 6 waoneka ndi 1 ndi 3 basi, ndipo otsala ndi atatu. Apa mpamene pamafunika kuyang'ana zithunzi ziwiriziwiri.

Nkhope ziwiri zikafanana

Yerekezani chithunzi choyamba (3, 1, 2) ndi chija chachiwiri (6, 1, 3). Pa zonse ziwiri pali 1 ndi 3. Zotsala ndi 2 ndi 6, ndipo zimenezi nzofulatirana. Chifukwa chake nchakuti 1 ndi 3 amakumana pa mphepete imodzi yokha, ndipo mphepete ili ndi nsonga ziwiri. Ku nsonga ina kuli ngodya ya 1, 3 ndi 2. Ku nsonga inayo kuli ngodya ya 1, 3 ndi 6. Nkhope ziwiri zotseka mphepete uku ndi uko sizingagundane. Zilibe kanthu kuti 3 anali pamwamba pa chithunzi china nkukhala kumanja pa chinzake. Malo ake pano sakuwerengedwa.

Yankholi limabwera ndi mphatso pang'ono. Popeza 2 ndi 6 ndi gulu limodzi, 1 ndi 3 ayenera kugawana 4 ndi 5. Koma kuti ndani atenga uti, zithunzi ziwirizi pazokha sizinena. Amene amapitiriza nkumati 1 ali ndi 4 chifukwa choti akungomva choncho, akulosera. Pa dayisi yathu zangochitika kuti nzoona, koma umboni wake unachokera pa chithunzi chachitatu chija.

Nkhope imodzi yokha ikafanana

Apa mpamene pagona nkhani, ndipo mpamene anthu ambiri amataya malikisi. Tengani chithunzi choyamba chija, 3 pamwamba, 1 kutsogolo, 2 kumanja. Chinzake chikhale ichi: 4 pamwamba, 6 kutsogolo, 3 kumanja. Yofanana ndi 3 yekha.

Gawo loyamba ndi kuchotsera komwe kuja. Oyandikana ndi 3 ndi 1, 2, 4 ndi 6, onse anayi, choncho kuseri kwa 3 kuli 5. Izi zimachitika nthawi zonse zithunzi ziwiri zikafanana nkhope imodzi: nambala yosaonekayo ndiyo ili kuseri kwa yofananayo. Onaninso kuti 3 ndi 4 ali pa chithunzi chimodzi, ndiye za 7 tiiwale.

Tsopano 1 ndi 2 ayenera kugawana 4 ndi 6. Kuchotsera sikuthandizanso, chifukwa 1 sanaoneke ndi 4 kapena 6. Chimene chatsala ndi dongosolo la kuzungulira kwa nkhopezo pa ngodya. Ikani nsonga ya pensulo pa nkhope yofananayo, muzungulire ngodya ya pakati pa chithunzi monga imayendera mivi ya wotchi, mukulemba nambala iliyonse imene mwadutsapo. Pa chithunzi chojambulidwa mwanthawi zonse, pamwamba, kutsogolo ndi kumanja, wotchi imachoka pamwamba kupita kumanja, kenako kutsogolo, nkubwerera pamwamba.

Pa chithunzi choyamba 3 ali pamwamba, ndiye mulemba 3, 2, 1. Pa chachiwiri 3 ali kumanja. Kuchoka pamenepo mufika kutsogolo pa 6, kenako pamwamba pa 4, ndiye mulemba 3, 6, 4. Ikani mizere iwiriyi wina pansi pa unzake:

3, 2, 1
3, 6, 4

Zimene zagwera pamalo amodzi nzofulatirana: 2 ndi 6, 1 ndi 4. Dayisi yonse yadziwika ndi zithunzi ziwiri zokha: 3 ndi 5, 2 ndi 6, 1 ndi 4. Zikugwirizananso ndi zimene tinapeza ndi njira zina zija.

Nchifukwa chiyani zimayenda? Ikani dayisi patebulo, 3 ali pamwamba. Nkhope ya pamwambayo ili ndi ngodya zinayi. Ngodya ziwiri zoyandikana zimagawana nkhope ziwiri, ya pamwamba ndi ina ya m'mbali. Ndiye ngati zithunzi zanu zikugawana 3 yekha, ngodya zake nzopingasana, ina uku ina kutsidya. Kuti muchoke pa ina kufika pa inzake, muzunguza dayisiyo theka la ulendo osainyamula. Mukatero, nkhope imene inali kumbuyo imabwera kutsogolo, ndipo ya kumanzere imabwera kumanja. Malo aliwonse atengedwa ndi mnzake wakuseri. Kuzungulira ngati wotchi kuchokera pa nkhope yofanana ndi njira chabe yoimika 3 pamwamba pa zithunzi zonse popanda kujambulanso.

Cholakwika chofala nchoyerekeza malo mmene ajambulidwira. Munthu amaona 1 kutsogolo pa chithunzi choyamba, 6 kutsogolo pa chachiwiri, nkunena kuti ndiwo ofulatirana. Zikamuonjezera mphamvu nzakuti 1 ndi 6 akukwana 7, ndiye mtima umakhala pansi. Koma kuyerekeza malo kumagwira pokhapokha nkhope yofananayo ili pamalo amodzi pa zithunzi zonse ziwiri. Pano 3 wasamuka kuchoka pamwamba kupita kumanja, ndipo zinzake zasamuka naye.

Cholakwika china chimabala yankho lolakwa lomwelo: kuzungulira ngati wotchi pa chithunzi choyamba, nkubwerera chammbuyo pa chachiwiri. Mukatero mupeza 3, 2, 1 ndi 3, 4, 6, zomwe zikupatsani 2 ndi 4, 1 ndi 6. Kumayendedwe ake nkosankha, mukhoza kutsata wotchi kapena kuitsutsa, bola zithunzi zonse ziyende mofanana. Chimene chimasokoneza dzanja nchakuti nkhope yofananayo ikakhala kumanja, pensulo imafuna kukwera pamwamba kaye, pomwe wotchi ikufuna kuti itsike kupita kutsogolo. Kujambula kamuvi kopindika pa chithunzi chilichonse musanalembe nambala kumathetsa zimenezi. Ndipo mukakumana ndi chithunzi choonetsa kumanzere m'malo mwa kumanja, musaloweze mawu akuti pamwamba, kumanja, kutsogolo. Tsatirani wotchi mmene chithunzicho chikuonekera pa pepala. Kuchoka pamwamba mudzafika kutsogolo kaye, kenako kumanzere.

Palibe yofanana

Tsopano chithunzi choyamba chiyende ndi ichi: 5 pamwamba, 6 kutsogolo, 4 kumanja. Manambala onse 6 aoneka, ndipo ambiri amaganiza kuti apa ndiye zaphweka. Nzosiyana. Ngodya ziwirizi zili kutali kwenikweni, ina kuseri kwa inzake, ndipo palibe chozilumikiza. Tikudziwa kuti 3, 1 ndi 2 aliyense ali ndi mnzake mwa 5, 6 ndi 4, koma sitingathe kunena kuti ndi uti.

Dongosolo la kuzungulira limachepetsako chabe. Ngodya yakuseri imayenda mobwerera, choncho mulemba choyamba ngati wotchi, 3, 2, 1, ndipo chachiwiri motsutsa wotchi, 5, 6, 4. Koma poyambira palibe, ndiye mzere wachiwiriwo ukhoza kuyamba ndi nambala iliyonse. Mukayamba ndi 5 mupeza 3 ndi 5, 2 ndi 6, 1 ndi 4, yomwe ndi dayisi yathu. Mukayamba ndi 6 mupeza 3 ndi 6, 2 ndi 4, 1 ndi 5. Mukayamba ndi 4 mupeza 3 ndi 4, 2 ndi 5, 1 ndi 6, yomwe ndi dayisi ya ludo. Madayisi atatu osiyana angajambulidwe zithunzi ziwiri zomwezi ndendende.

Pakuphunzitsa zinthu ziwiri apa. Ngati pa mayankho pali lakuti sizingadziwike, ndi malo ake ano, ndipo kulisankha si ulesi. Chachiwiri, kusaona nambala zokwana 7 pa chithunzi chimodzi si umboni woti dayisiyo ndi yanthawi zonse. Mabuku ena okonzekera mayeso amaphunzitsa kuti zikatero mugwiritse lamulo la 7. Chimenecho nchizolowezi cha olemba mafunso ena, si masamu. Mukachitsata, chitsateni pomaliza, njira zina zonse zitakanika komanso pa mayankho palibe lakuti sizingadziwike.

Zithunzi zikachuluka

Pa zithunzi zinayi, musayambe kuzungulira wotchi msanga. Werengani kaye oyandikana ndi nambala imene mwafunsidwa. Akakwana anayi mwamaliza. Akapanda kukwana, funani zithunzi ziwiri zofanana nkhope ziwiri, chifukwa pamenepo palibe chosokoneza. Gulu lililonse limene mwapeza lichotseni pa mndandanda, pakuti nambala siingakhale ndi anzake awiri akuseri. Mwachitsanzo, ngati 1 waoneka ndi 2, 3 ndi 5 okha, otsala ndi 4 ndi 6. Mukadziwa kale kuti 6 ndi wa 2, ndiye 4 ndi wa 1. Wotchi ibwere pomaliza, kapena ngati njira yotsimikizira yankho nthawi ikalola.

Chithunzi china chimangodzaza malo. Zithunzi ziwiri zikaonetsa manambala atatu omwewo, ndi ngodya imodzi yomweyo yojambulidwa itatembenuzidwa, ndipo palibe chatsopano. (3, 1, 2), (1, 2, 3) ndi (2, 3, 1), powerenga pamwamba, kutsogolo, kumanja, zonse ndi chithunzi chimodzi. Koma (3, 2, 1) si dayisi yathu ayi. Manambala ndi omwewo, koma akuzungulira mobwerera, ndipo palibe mmene mungatembenuzire dayisiyo kuti ioneke choncho. Zili ngati nsapato ya kumanja ndi ya kumanzere. Madayisi 2 aja osunga lamulo la 7 amasiyana mwanjira yomweyi: pa ina 1, 2, 3 amazungulira ngati wotchi, pa inayo mobwerera. Mafunso ofunsa kuti ndi chithunzi chiti chimene sichingakhale cha dayisiyi amatsamira pamenepa.

Mfundo yomweyi imagwira mafunso olembedwa molakwika, ndipo pa mapepala ojambulitsa kambirimbiri amene amayenda m'manja mwa ophunzira alipo ndithu. Zithunzi zikafanana nkhope ziwiri, nkhope ziwirizo ziyenera kutsatana mosiyana. Pa chithunzi chathu choyamba, wotchi imachoka pa 1 kufika pa 3. Pa chija cha 6, 1, 3 imachoka pa 3 kufika pa 1. Zimenezi nzolondola, chifukwa mukuyang'ana mphepete imodzi kuchokera ku nsonga ziwiri zosiyana. Mukapeza kuti pa zithunzi zonse ziwiri wotchi ikuchoka pa 1 kufika pa 3, koma nkhope yachitatu ndi yosiyana, wojambulayo sanagwire dayisi yeniyeni. Pa funso lotere njira ya wotchi ikhoza kutsutsana ndi kuchotsera. Dalirani kuchotsera, chifukwa wolemba funso wosasamala za kuzungulira amasamalabe kuti zofulatirana zisaonekere limodzi.

Malamulo onsewa ali ndi malire amodzi akuluakulu: amafuna kuti nkhope zonse 6 zikhale zosiyana. Kaya ndi madontho, zilembo, mitundu kapena zizindikiro, zonse zimayenda chimodzimodzi. Koma funso likati nkhope ziwiri nzofiira, simungadziwe ngati yofiira ya pa chithunzi ichi ndi yomwe ija ya pa chinzake, ndipo kuwerenga zofanana kumasocheretsa. Zikatero zitchuleni mayina awiri, yofiira yoyamba ndi yachiwiri, muyese njira zonse ziwiri kuti muone imene sikutsutsana ndi zithunzi. Samalaninso ndi manambala olembedwa m'malo mwa madontho pamene pali 6 ndi 9, chifukwa nkhope ikazondoka awiriwa amasinthana maonekedwe.

Poyeserera kunyumba, dayisi ya ludo si yabwino kwenikweni, popeza mayankho ake mukuwadziwa kale. Dulani mtanda wa sopo wochapira kuti utalike mofanana mbali zonse, kapena tengani kabokosi kalikonse. Ngakhale ka machesi kamagwira, chifukwa nkhope zake zimagundana ngati za kiyubu ngakhale sizofanana kukula. Lembani 3 pamwamba, 1 kutsogolo, 2 kumanja, 6 kumanzere, 4 kumbuyo, 5 pansi, nkuyesa kutulutsa chithunzi chilichonse chatchulidwa munkhaniyi. Kenako mnzanu alembe bokosi lake mobisa, akuuzeni ngodya ziwiri zokha motsatira pamwamba, kutsogolo, kumanja, inu munene magulu amene akudziwika ndi amene sangadziwike. Ngati mukutumizirana zithunzi pafoni, jambulani ndi kamera yakumbuyo. Yakutsogolo pa mafoni ena imasunga chithunzi chotembenuzidwa ngati cha pagalasi, ndipo chimodzi chotere chikasakanikirana ndi zabwinobwino, njira ya wotchi idzakupatsani 1 ndi 6 pa dayisi imene kuseri kwa 1 kuli 4.